Anthu atatu, ntchito imodzi, mawu ali mu foni: kalembedwe ka chidule cha intaviyu

Lachisanu lina madzulo, abwana a sitolo ya zipangizo zomangira ku Kamwala anandiikira foni patebulo. Munali mawu a anthu atatu amene anabwera kudzafunsira ntchito yosunga katundu, aliyense mphindi pafupifupi 30. Eni sitolo anali kunja kwa Lusaka, ndipo ankafuna pepala lofananitsa anthu atatuwa lifike kwa iwo Lolemba. Ine sindinalimo m'chipinda pamene ankafunsidwa. Pondipatsa foniyo abwana anawonjezera kuti, "Mnyamata woyambayo ndiye wathu, mudzamva nokha. Ingolembani bwino kuti akuluakulu aone."

Mawu amenewo ndi amene amawononga zidule zambiri. Mphindi 90 za kulankhula ziyenera kulowa m'tsamba limodzi ndi theka, ndiye kuti zambiri zimene anthuwo ananena zitayidwa. Wotaya ndi inuyo. Ngati mwayamba kumvetsera mukudziwa kale wopambana, dzanja limasunga zabwino za iyeyo, limasunga zolakwa za anzake, ndipo simunena bodza ngakhale limodzi. Chiganizo chilichonse chikhala choona, koma pepala lonse likhala lokhota.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi yotopetsa pang'ono, koma mutu wake ndi umodzi. Sindilemba chidule cha munthu. Ndimalemba chidule cha funso, n'kuika mayankho a anthu onse pansi pake, mawu awo enieni poyamba, malikisi pambuyo.

Musanatsegule foni

Chinthu choyamba chimene ndinapempha sichinali mahedifoni. Ndinapempha pepala la miyezo, ndiye kuti zinthu zimene anagwirizana kuti munthu wa ntchitoyi akhale nazo. Mwamwayi linalipo, lolembedwa tsiku la intaviyu lisanafike, ndipo linali ndi miyezo inayi. Kulandira ndi kuwerenga katundu kunapatsidwa 40 pa 100. Zimene munthu amachita akapeza kuti katundu wapereŵera zinapatsidwa 30. Kugwira ntchito ndi madalaivala, onyamula katundu ndi makasitomala kunali 20, ndipo kompyuta 10.

Tsiku limene pepalali linalembedwa ndi lofunika kuposa mmene anthu amaganizira. Miyezo yolembedwa mutamva kale anthu imatengera nkhope ya amene mwamukonda. Mnyamata akakhala katswiri pa kompyuta, mwadzidzidzi aliyense akumbukira kuti sitolo ikufuna kuchoka m'mabuku a pamanja, ndipo 10 uja asanduka 30. Ngati pepalalo palibe, khalani pansi ndi chilengezo cha ntchito chija, mutengemo miyezo, abwana asaine, kenako mutsegule foni.

Chimene chinasowa pa pepalalo ndi tanthauzo la malikisi. Panangolembedwa kuti 1 mpaka 5. Koma 3 wa munthu wowolowa manja ndi 5 wa munthu woumira akhoza kukhala yankho lomwelo. Choncho ndisanamve mawu aliwonse, ine ndi mayi a maakaunti a pasitolopo tinalemba mmene yankho la 1, la 3 ndi la 5 limamvekera pa muyezo uliwonse. Funso la muyezo wachiwiri linali lakuti: khadi la katundu likunena kuti muli matumba a simenti 200, mwawerenga mwapeza 188, muchita chiyani? Tinagwirizana kuti wonena kuti angokonza khadi kapena kukhala chete apatsidwe 1. Wowerenganso n'kukauza abwana apatsidwe 3. Wa 5 ndi amene awerenganso ndi mboni, atsata mapepala a katundu wolowa ndi wotuluka, alemba lipoti tsiku lomwelo, ndipo sakhudza khadi popanda siginecha ya womuyang'anira. Malikisi a 2 ndi 4 amagwera pakati.

Panali funso linanso limene ndinafunsa: kodi anthuwa anauzidwa kuti akujambulidwa mawu? Kuno ku Zambia tili ndi lamulo loteteza nkhani za munthu payekha, nambala 3 la chaka cha 2021, ndipo mawu a munthu akufotokoza moyo wake ndi ntchito zake ali m'gulu la zinthu zimene sizitengedwa mobisa kapena kugwiritsidwa ntchito ina yosiyana ndi imene munanena. Kumayambiriro kwa rekodi iliyonse kunamveka abwana akupempha chilolezo, munthu n'kuvomera. Pamene chilolezocho sichikumveka ndipo palibe fomu yosainidwa, ine sindiyamba. Ndipo mawu otere sayenda pa gulu la WhatsApp la apantchito.

Kumvetsera mopingasa

Pafupifupi aliyense amamvetsera munthu woyamba kuyambira moni mpaka kutsanzika, n'kulemba ndime yake, kenako wachiwiri, kenako wachitatu. Zikuoneka zanzeru, koma pali misampha iwiri.

Woyamba ndi wakuti chinthu chimodzi chowala chimawalitsa zonse. Katswiri wa ku Amereka Edward Thorndike analemba za zimenezi mu 1920, ataona mmene akuluakulu a asilikali ankapimira anthu awo: amene amuona kuti ndi wooneka bwino ankamupatsanso malikisi apamwamba pa nzeru, pa utsogoleri ndi pa khalidwe, ngati kuti zonsezo ndi chinthu chimodzi. Mukamvetsera munthu kwa theka la ola mosaduka, pofika funso lachitatu mwamukonda kale kapena mwatopa naye, ndipo mayankho otsala mukuwamva ndi khutu limenelo. Msampha wachiwiri ndi wa kutsatana. Munthu wapakatikati wobwera pambuyo pa wofooka amamveka ngati katswiri, ndipo yemweyo akabwera pambuyo pa katswiri amamveka ngati sadziwa kanthu.

Ndiye ndimamvetsera kawiri. Ulendo woyamba ndimangodutsa, osalemba maganizo aliwonse, kungolemba mphindi ndi masekondi a m'rekodi pamene funso lililonse layambira ndi kuthera. Zimatuluka ngati mapu: munthu A, funso la simenti, 11:40 mpaka 15:50, munthu B, 12:05 mpaka 13:30. Mayina ndimawachotsa pomwepo, n'kutsala ndi A, B ndi C. Pa Lusaka pano dzina lokha limanena kumene munthu akuchokera, ndipo sindifuna kuti lizindinong'oneza nthawi iliyonse ndikayang'ana pepala.

Ulendo wachiwiri ndimatenga funso limodzi n'kumva anthu onse atatu motsatana pa funso lomwelo. Pofika funso lina ndimasintha ndondomeko: ngati ndinayamba ndi A, tsopano ndiyamba ndi C. Pa yankho lililonse ndimalemba zinthu zitatu zokha: nthawi, mawu enieni amene akukhudza muyezo, ndi funso lowonjezera ngati ofunsa anamuthandiza nalo. Kulemba liwu lililonse la rekodi yonse sikofunika, ndipo kwa ine ola limodzi la mawu limadya maola anayi kapena kuposa ndikati ndilembe lonse. Mwa njira yodumphayi anthu atatu aja ananditengera Loweruka kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 2 koloko.

Matumba 12 aja

Tiyeni tione funso la simenti, chifukwa ndi pamene ine ndi abwana tinasiyana.

A analankhula mphindi zinayi, m'Chingelezi chosalala chimene chimakoma kumva. Ananena za kukhulupirika, za mmene makolo ake anamulerera, za maphunziro ake a zogula ndi kusunga katundu. Ndikanalemba kuchokera m'mutu ndikanati, "Anatsindika kwambiri za kukhulupirika," ndipo zikanakhala zoona. Koma funso silinali lakuti mumakhulupirira chiyani. Linali lakuti muchita chiyani. Nditafufuza m'mphindi zinayizo zochita zenizeni, ndinapeza chiganizo chimodzi, pa 15:10, chimene tanthauzo lake ndi ili: awerenganso, akonza khadi kuti ligwirizane ndi zimene zilipo, kenako adzafotokoza pa lipoti la kumapeto kwa mwezi. Kuwerenganso kulipo, kuuza abwana kulipo koma mochedwa, ndipo wakhudza khadi yekha. Pa muyezo umene tinalemba, ameneyo ndi 2.

B anayankha mphindi imodzi ndi theka, m'Chinyanja, mawu ali pansi moti ndinabwereza katatu. Pa 12:20 anati: "Ndiitana munthu wina tiwerengenso awiri, chifukwa simenti ikasanjidwa mothina mzere wakumbuyo umabisala. Zikakhala zomwezo ndiona mapepala a sabata imeneyo, kapena pali galimoto inanyamula koma sitinachotse pa khadi, kapena matumba ong'ambika anaikidwa pambali. Khadi sindiligwira. Ndiuza abwana tsiku lomwelo asanatseke." Mboni ilipo, mapepala alipo, khadi salikhudza, tsiku lomwelo lilipo. Chosowa ndi chimodzi: sananene kuti alemba lipoti. Ndinamupatsa 4.

Ndikuvomereza kuti dzanja linkafuna kulemba 5. Munthu amene akudziwa kuti mzere wakumbuyo umabisala anagwirapo simenti ndithu, ndipo n'kutheka kuti lipoti amalemba. Koma "n'kutheka" ndi maganizo anga, si mawu ake. Ngati ndimuwonjezera B zimene sananene chifukwa ndamukhulupirira, ndachita zomwezo zimene abwana ankachitira A, kungoti ndasintha wokondedwa.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa umboni ndi chiweruzo. "Anaoneka wodzidalira," "sanamveke wotsimikiza," "ali ndi mtima wa ntchito," zonsezi ndi ziweruzo, ndipo wowerenga alibe njira yozitsutsira. "Pa 12:20 anati khadi saligwira ndipo auza abwana tsiku lomwelo" ndi umboni, chifukwa eni sitolo akakayika atha kutsegula foni pa 12:20 n'kumva okha. Chiganizo chilichonse cha m'chidule chimene sindingathe kuchiikira nthawi pambali ndimachifufuta.

Nkhani ya chilankhulo

Ma intaviyu a pa Lusaka sayenda m'chilankhulo chimodzi. Funso libwera m'Chingelezi, yankho liyamba m'Chingelezi, lifika pa nkhani yeniyeni n'kulowa m'Chinyanja kapena m'Chibemba, kenako libwerera. Wolemba chidule amakhalanso womasulira, ndipo womasulira ali ndi mphamvu zoopsa. Mutha kutenga yankho la A n'kulichotsera "eeh" ndi kubwerezabwereza konse, limveke ngati la m'buku, koma la B n'kulisiya ndi zibwibwi zake. Kapena mumasulire Chinyanja cha B mwachidule, mfundo zinayi zisanduke "anati afufuza." Lamulo langa ndi lakuti zimene ndachitira mmodzi ndichitire onse. Ngati ndikuyeretsa, ndiyeretsa onse mofanana. Ngati ndamasulira, ndilemba kuti apa ndamasulira, ndipo pa mawu amene malikisi atsamirapo ndimasiya mmene munthuyo ananenera.

Kodi Chingelezi chosalala chisawerengedwe konse? Chiwerengedwe ngati chili pa miyezo. Wolandira alendo pa ofesi ya kampani ya maiko akunja ayenera kuyesedwa Chingelezi, ndipo chilembedwe poyera ndi malikisi ake. Wosunga simenti ndi malata ku Kamwala amalankhula ndi madalaivala ndi anyamata onyamula tsiku lonse, ndipo pa pepala la abwana Chingelezi sichinalipo. Chimene sichili pa pepala chisalowere pawindo.

Palinso kanthu kena kamene munthu wosadziwa chilankhulo chathu sangakaone. Ife timakonda kunena kuti "tinachita" ngakhale pamene wachita ndi mmodzi, makamaka pamaso pa akuluakulu, chifukwa "ndinachita ine" imamveka ngati kudzitama. Pa funso la kulandira katundu, B ankangoti "tinkawerenga," "tinkasaina," "tinabweza galimoto." Womvetsera mopupuluma akanalemba kuti sanaonetse zimene iye mwini anachita. Mwamwayi mayi a maakaunti anamufunsa pa 07:45 kuti, "Nanga inuyo mayi, mbali yanu inali iti?" Ndipo anayankha kuti makiyi ndi buku zinali m'manja mwake zaka zitatu, ndi kuti ndi iye amene anakana kusainira malata 300 atapeza kuti mitolo iwiri ndi ya geji yopyapyala kuposa imene inalembedwa pa invoisi. Yankho limenelo linamupatsa 5. A, pa funso lomwelo, anafotokoza ndondomeko yonse molondola monga anaphunzirira, koma chitsanzo chake chinali cha miyezi itatu yophunzira ntchito pamene ankathandiza wina kuwerenga. Anapeza 3.

M'chidule ndinalemba kuti B anafunsidwa funso lowonjezera, kenako ndinabwerera kukaona ngati A ndi C anapatsidwanso mwayi wotere. Anapatsidwa. Zikanakhala kuti mmodzi yekha ndi amene anakokedwa mpaka kutulutsa yankho labwino, zikanayenera kulembedwa, chifukwa yankho lothandizidwa ndi yankho lodzitulukira lokha sizilemera mofanana.

Zimene zinamveka koma sizinalembedwe

Anthu akamasuka amanena zambiri. B anatchula kuti ali ndi mwana wa chaka chimodzi. C ananena za mpingo wake ndi kuti Loweruka lina amakhala ku mapemphero. A ndi abwana anapezana kuti kwawo ndi kumodzi, n'kuseka nthabwala za chimbuya ndi mmodzi wa ofunsa kwa mphindi ziwiri zathunthu. Zonsezi zili mu foni, koma m'chidule mulibe ngakhale chimodzi.

Chifukwa chake si ulemu chabe. Lamulo la za ntchito, nambala 3 la chaka cha 2019, limaletsa wolemba ntchito kusala munthu, kuphatikizapo wongofunsira kumene, chifukwa cha zinthu monga mtundu, kumene akuchokera, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati, banja kapena ulumali. Limalola kusankha potengera zimene ntchitoyo payokha ikufuna. Mukalemba kuti "ali ndi mwana wamng'ono" pa pepala lofananitsa anthu, ngakhale mulibe cholinga choipa, mwaika chinthucho pa sikelo, ndipo wowerenga adzachiyeza. Ngati sitolo imatsegula Loweruka ndipo ndi nkhani yeniyeni, funso lake ndi lakuti "kodi mutha kugwira ntchito Loweruka mpaka 1 koloko?", lifunsidwe kwa onse atatu, ndipo cholembedwa ndi inde kapena ayi.

Bowo la munthu wachitatu

Pa mapu anga a ulendo woyamba panali malo opanda kanthu. Rekodi ya C inalibe funso la simenti. Pa 14:30 pamveka chitseko, wina akuitana abwana kuti galimoto yafika, phokoso la mipando, ndipo atabwerera anapitirira ndi funso la madalaivala. Palibe amene anazindikira. Ofunsa onse ankakumbukira kuti bambo aja "sananene zambiri pa za kusowa kwa katundu," ndipo n'zoona, chifukwa sanafunsidwe.

Kumvetsera munthu mmodzimmodzi sikukanaonetsa bowoli. Linaoneka chifukwa chakuti ndinafuna mayankho atatu pansi pa funso limodzi n'kupeza awiri.

Pali zinthu zitatu zosiyana zimene pa pepala zimaoneka ngati chimodzi: munthu anafunsidwa n'kuyankha molakwa, munthu anafunsidwa koma mawu sakumveka, ndi munthu sanafunsidwe. Choyamba chokha ndi chimene chimalandira malikisi otsika. Ziwiri zinazo ndi vuto la ofunsa, ndipo m'bokosimo mumalembedwa mawu, osati nambala. Malikisi anaima motere:

| Muyezo | Kulemera | A | B | C |
|---|---|---|---|---|
| Kulandira ndi kuwerenga katundu | 40 | 3 | 5 | 4 |
| Katundu akapereŵera | 30 | 2 | 4 | sanafunsidwe |
| Kugwira ntchito ndi anthu | 20 | 4 | 3 | 4 |
| Kompyuta | 10 | 5 | 2 | 3 |

Mukangophatikiza manambala, A ali ndi 14 ndipo B ali ndi 14, ndiye abwana akanati afanana, tisankhe mnyamata. Koma miyezo siyilemera mofanana. Malikisi aliwonse achulukitsidwe ndi kulemera kwake, zonse ziphatikizidwe, kenako zigawidwe ndi 5 kuti zibwerere pa 100. A: 120, 60, 80 ndi 50 zikwana 310, ndiye 62. B: 200, 120, 60 ndi 20 zikwana 400, ndiye 80. Ngati mukugwiritsa ntchito Excel, kulemera kuli m'mabokosi B2 mpaka B5 ndipo malikisi a munthu ali m'mabokosi C2 mpaka C5, mulemba izi:

```
=SUMPRODUCT($B$2:$B$5,C2:C5)/5
```

Chenjerani nayo fomulayi pa munthu ngati C. Bokosi lopanda kanthu kapena lokhala ndi mawu imaliwerenga ngati 0, osadandaula, ndipo idzakupatsani 54. Nambala imeneyo imuika C pansi pa onse chifukwa cha galimoto imene inafika pa nthawi yolakwika. Zoona zake n'zakuti C ali ndi 270 pa miyezo itatu, ndipo wotsalawo ukhoza kumupatsa kuyambira 30 mpaka 150. Ndiye ali penapake pakati pa 60 ndi 84. Akayankha bwino kwambiri amupitirira B. M'chidule ndinalemba zimenezo momwemo, ndi kuti kusankha sikungachitike bambowa asanafunsidwe funsolo, m'mawu omwewo, ndi anthu omwewo.

Pali chofooka chimodzi pa kumuitananso chimene ndinachilembanso: wapeza masiku oganiza, ndipo mwina wamva kwa wina zimene zinafunsidwa. Palibe njira yochotseratu zimenezo. Koma n'zochepa poyerekeza ndi kumupatsa 0, kapena kumupangira nambala yongoganizira.

Mmene mungadziwire kuti chidule chakhota

Ndikamaliza kulemba ndimachita mayeso angapo, ndipo oyamba ndi a rula. Ndimayang'ana kutalika kwa zimene ndalemba pa munthu aliyense. Ngati A ali ndi mizere 20 ndipo C ali ndi 6, ndiye kuti ndatsata wolankhula kwambiri. Kulankhula nthawi yaitali si umboni wochuluka. Taona kale kuti mphindi zinayi zinabala chiganizo chimodzi.

Kenako ndimayang'ana timawu tolumikiza. "Koma," "ngakhale," "chabe," "yekha." Taonani ziganizo ziwiri izi: "Sadziwa bwino kompyuta, koma wasunga katundu zaka zitatu," ndi "Wasunga katundu zaka zitatu, koma sadziwa bwino kompyuta." Mfundo ndi zomwezo, koma choyamba chikumulemba ntchito ndipo chachiwiri chikumubweza. Chimene chabwera pambuyo pa "koma" ndi chimene chimatsala m'mutu. N'chifukwa chake mfundo za munthu aliyense ndimazisanja motsata miyezo, woyamba mpaka wachinayi, popanda "koma" pakati.

Mayeso akulu ndi a munthu wachiwiri. Ndinapatsa mayi a maakaunti mawu a anthu aja ndi matanthauzo a malikisi, manambala anga nditabisa, kuti apereke awo. Pa mabokosi 11 tinafanana pa 8. Pa awiri tinasiyana ndi 1, zimene sizidetsa nkhawa. Pa limodzi tinasiyana ndi 2: iwo anapatsa B 1 pa kugwira ntchito ndi anthu, ine 3. Kusiyana kotere sikuthetsedwa ndi kugawana pakati n'kulemba 2. Tinatsegula foni pa 19:05. B anafotokoza za dalaivala amene ankafuna kutsitsa katundu msanga osawerenga, ndipo anati anamuuza kuti adikire kapena abwerere nazo. Mayi a maakaunti anamva mwano. Titawerenga tanthauzo limene tinalemba tokha, 1 anali wa munthu wogonjera dalaivala kapena woyambitsa ndewu, 3 wa woima pa lamulo popanda kupereka njira ina, 5 wa woima pa lamulo n'kupezanso njira yoti dalaivala asataye nthawi. Anavomera kuti ndi 3, ndipo anaseka n'kunena kuti anamva mawu a mlamu wawo m'kamwa mwa mayiyo.

Malire a pepalali

Chidule chabwino chimanena zimene anthu ananena, basi. Sichidziwa ngati B anasungadi makiyi zaka zitatu. Izo zidziwika poimbira kumene ankagwira ntchito. Sichidziwa ngati 5 wa A pa kompyuta ndi weniweni, chifukwa anangofotokoza pakamwa, ndipo mphindi 15 pa kompyuta ya pasitolo zikananena zambiri kuposa funso lililonse. Ndinalemba zonse ziwiri pansi pa tebulo ngati zinthu zotsala. Manambalanso asapembedzedwe. Kusiyana kwa 80 ndi 62 ndi kwenikweni. Kusiyana kwa 80 ndi 78 kutha kubwera chifukwa cha bokosi limodzi limene munthu wina akanaliona mwina, ndipo pamenepo ndimalemba kuti afanana, pafunika mayeso ena.

Sindinalembe kuti lembani uyu. Si ntchito ya wolemba chidule. Pepala limene linapita kwa eni sitolo linali ndi miyezo ndi tsiku limene inalembedwa, tebulo, mawu a munthu aliyense pansi pa muyezo uliwonse ndi nthawi zake, bowo la C, ndi zotsala ziwiri zija. Mayina anali pa kapepala kena.

Abwana ataliwerenga Lolemba m'mawa anakhala chete, kenako anatenga foni n'kupita pa 15:10. Anamvetsera kawiri. "Zoona ananena kuti akonza khadi? Ine ndinamva za makolo ake zokha." Sanasinthe maganizo pomwepo, ndipo anali ndi mfundo: sitolo ikufunadi kulowa pa kompyuta chaka chamawa, ndipo mwina 10 uja anachepa. Ndinawayankha kuti ngati ndi choncho auze eni sitolo poyera kuti akufuna kusintha miyezo atamva kale anthu, ndi chifukwa chake, osati kuti ine ndisinthe manambala mwakachetechete.

C anabwera Lachitatu. Anafunsidwa za matumba 200 ndi 188 m'mawu omwewo. Anati awerenganso yekha, ndipo zikapanda kukwana apita kukauza abwana nthawi yomweyo. Za mapepala sanatchule, za mboni sanatchule, khadi sanalikhudze. Ine ndi mayi a maakaunti, aliyense payekha, tinalemba 3, ndipo zonse pamodzi zinamupatsa 72.